Pepala la rauta lomwe ndinalembera amayi, patapita miyezi

"Achimwene, pepala lija munawamatira amayi pakhoma likuthandizadi, kapena amakuimbiranibe?" Anafunsa choncho mlongo wanga.

Likuthandiza, ndipo mzere womwe wagwira ntchito kwambiri ndi woyamba: "Amayi, magetsi akayaka musagwire foni. Dikirani mphindi zitatu." Rauta yawo, kabokosi kopereka intaneti m'nyumba, ndi ya simukhadi. Ikayaka imatenga kanthawi kufufuza netiweki, kenako foni imalumikizika yokha poti inasunga kale pasiwedi. Kale amayi ankangoyamba kudinadina rauta isanakonzeke, ndipo nthawi zina ankadina kandege kaja, `Airplane mode`, foni yonse n'kuti zii.

Mzere wachiwiri umati akokere chala pansi kuchokera pamwamba pa sikirini, adine `Wi-Fi` kuti izime, awerenge mpaka teni, adinenso. Chizindikirocho ndinachijambula ndi cholembera, chachikulu, chifukwa maso awo amagwira chithunzi msanga kuposa zilembo zazing'ono. Zikakanika, azimitse foni n'kuyatsanso. Mizere imeneyi sindinasinthepo kanthu.

Zomwe ndawonjezera m'miyeziyi ndi ziwiri. Tsiku lina amayi anatsatira zonse, chizindikiro chinaoneka chodzaza, koma mauthenga osalowa. Pansi pa dzina la netiweki panalembedwa kuti `Connected without internet`. Pamenepo ndiye kuti foni ndi rauta zikumvana bwinobwino, vuto lili pakati pa rauta ndi kunja. Bandulo ya m'rauta inali itatha. Ngakhale akanazimitsa foni kangati, sizikanatheka, ndipo zinandipweteka kumva kuti anakhala tsiku lonse akuganiza kuti aononga ndi iwo. Tsopano mawu achingereziwo ali papepala monga momwe amaonekera, pambali pake ndinalemba kuti: "Simunalakwitse. Ndiimbireni ndigule bandulo."

Chachiwiri ndi kabowo ka kumbuyo kwa rauta kolembedwa `Reset`. Mwana wa oyandikana nawo, pofuna kuthandiza, anakabaya ndi singano kwa masekondi angapo. Kuteroko sikufanana ndi kuzimitsa n'kuyatsa. Kumafufuta zonse zomwe tinaika, dzina la netiweki ndi pasiwedi zimabwerera pa zakufakitale, zomwe zili pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Chizindikiro chake n'chakuti dzina lomwe amayi analizolowera silionekanso pamndandanda, m'malo mwake pamabwera lachilendo. Ndinabwezeretsa dzina ndi pasiwedi yakale ndendende, foni inalumikizika osalembanso kanthu. Kabowoko ndinamatapo tepi, ndipo papepala pali mzere wakuti rauta azizimitsira pa soketi basi.

Batani la `Forget` sindinalitchule n'komwe. Likadinidwa pamafunika kulembanso pasiwedi, ndipo kusiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa kiyibodi kumawavuta amayi. Iwe mlongo, ukapitako uone ngati zizindikiro za m'foni zikufananabe ndi zomwe ndinajambula, chifukwa pulogalamu ya foni ikasinthidwa, maonekedwe ake amatha kusinthanso.