Mabulaketi olowerana: rejekisi wamba, rejekisi wa PCRE, kapena kuwerenga chabe?

Funso limene olemba mapulogalamu amafunsana mobwerezabwereza ndi ili: rejekisi yoona ngati mabulaketi onse otsegulidwa atsekedwa bwino imalembedwa bwanji? Njira zimene anthu amakanganirana zilipo zitatu. Ine ndimakonda yachitatu, ndipo yoyamba ndimadana nayo pa ntchito imeneyi, chifukwa imalakwa mwakachetechete.

Yoyambayo ndi rejekisi wamba, wa `grep -E` kapena `re` wa Python. Munthu amalemba zotere:

```
^([^()]|\(([^()]|\([^()]*\))*\))*$
```

Akayesa `(2+(3*4))` imavomera. Akayesa `(2+3` imakana, iye n'kukhutira. Koma ipatseni `(2+(3*(4-1)))`, mzere wopanda vuto lililonse: ikana. Rejekisi imeneyi imangofika pa mabulaketi awiri olowerana. Mukafuna atatu muyenera kukopera gawo lamkati n'kulilowetsanso m'kati mwake, ndipo pa anayi muchitanso chimodzimodzi. Palibe uthenga wochenjeza umene umatuluka. Pulogalamu imangotaya mizere yabwino, inu n'kudzazindikira patapita nthawi pamene wina wadandaula kuti zimene analemba zinakanidwa.

Ambiri amaganiza kuti vuto ndi luso lawo, kuti katswiri angapeze rejekisi yogwira pa kuya kulikonse. Kulibe rejekisi wamba wotero, ndipo umboni wake ndi mfundo ya kupopa, imene Bar-Hillel, Perles ndi Shamir analemba mu 1961. Ndi bwino kuiyenda pang'onopang'ono.

Rejekisi wamba aliyense angasandutsidwe makina okhala ndi malo oima owerengeka. Makinawo amawerenga chilembo chimodzi, n'kusuntha kuchoka pamalo ena kupita pena, ndipo sakumbukira china chilichonse kupatula pamene aima. Tinene kuti malowo ndi 5. Apatseni `((((()))))`, otsegula 5 ndi otseka 5. Powerenga otsegulawo, makina aima kasanu ndi kamodzi, kuwerengera poyambira pomwe. Malo ndi 5 okha, choncho pena pake aimapo kawiri. Tiyerekeze kuti pamene anaima atawerenga otsegula 2 ndi pomwenso aima atawerenga 4. Ndiye kuti `((` wapakatiyo wangowazungulitsa n'kuwabweza pomwepo. Tikabwereza `((` ameneyu kachiwiri, makina sazindikira kusiyana: afika pamapeto omwe aja n'kuvomera mzere wa otsegula 7 ndi otseka 5. Avomera chinthu cholakwika.

Polemba umboniwu pa makina a kukula kulikonse, m'malo mwa 5 timaika `p`. Mfundoyo imati ngati chilankhulo, chomwe pano ndi gulu la mizere yovomerezeka, chili cha regula, kutanthauza kuti makina otere angachizindikire, mzere uliwonse wa m'chilankhulocho wotalika `p` kapena kuposa ungagawidwe patatu, `xyz`, pamene `|xy| ≤ p` ndi `|y| ≥ 1`, ndipo `y` mungamubwereze kangapo kalikonse, kapena kumuchotsa, mzerewo n'kukhalabe wovomerezeka. Ife tisankha otsegula `p` otsatana ndi otseka `p`. Popeza `xy` sapitirira zilembo `p` zoyambirira, `y` ali ndi otsegula okhaokha. Mzere `xyyz` uli ndi otsegula `p + |y|` koma otseka `p`. Sukugwirizana, choncho chilankhulochi si cha regula.

Pamene anthu amagwa ndi pa funso la amene asankha chiyani. Nambala `p` si yanu, simunganene kuti ikhale 3 basi. Kagawidwe ka `xyz` si kanunso, muyenera kugonjetsa kagawidwe kalikonse kololedwa. Zanu ndi ziwiri: mzere, ndi kuchuluka kwa kubwereza. Mzere ukasankhidwa molakwika umboni umafa. Tengani `()()()` wopitirira mpaka kutalika `p`: wotsutsa, amene amasankha kagawidweko, angoti `y` ndi `()`, ndipo ngakhale mupope kambirimbiri mzerewo ukhalabe wabwino. N'chifukwa chake timaunjika otsegula onse kutsogolo, kuti lamulo la `|xy| ≤ p` limupanikize. Dziwaninso kuti mfundoyi imagwira mbali imodzi yokha. Chilankhulo chikalephera kupopeka, si cha regula. Chikapopeka, simunatsimikize kanthu, chifukwa zilipo zilankhulo zopopeka zimene si za regula.

Umboni womwewu ukusonyeza pamene rejekisi wamba ali woyenera. Ngati mukudziwa motsimikiza kuti kuya sikudzapitirira 2, makina a malo 4 akwanira: kuya 0, 1, 2, ndi malo okanira. Apo rejekisi ili pamwambayi ndi yolondola.

Njira yachiwiri ndi PCRE, imene Philip Hazel anayamba mu 1997, yomwe imapezeka mu `grep -P` ndi m'PHP. Iyi imalola gulu kudziitana lokha:

```
^((?:[^()]++|\((?1)\))*)$
```

Imagwira ndithu, ndipo siphwanya mfundo ya kupopa, chifukwa `(?1)` imapatsa makina pokumbukira kuti alowa kangati. Dzina lokha ndi limene latsala la rejekisi. Koma ili ndi mtengo wobisika. Mukalemba `(?R)` m'malo mwa `(?1)`, zizindikiro `^` ndi `$` nazo zimalowa m'kudziitanako, ndipo mizere yabwino imakanidwa. Choopsa kwambiri ndi `++` uja. Mukasiya `+` mmodzi, makina akalephera amabwerera m'mbuyo n'kuyesa njira iliyonse yodulira zilembo zosakhala mabulaketi. Zilembo 30 zotsatana zingadulidwe m'njira 536,870,912. Mzere wa zilembo 30 wothera pa `(` wosatsekedwa ungachititse pulogalamu kuuma, kapena kuima n'kunena kuti malire a kubwerera m'mbuyo apyoledwa. Mizere yabwino imadutsa msanga, ndiye poyesa simuona kanthu, vuto limadzabuka ndi mzere wolakwika wa munthu wina. Komanso sisamukika: `re` wa Python sadziwa `(?1)`, ndipo RE2 ndi `regexp` wa Go amaikana dala pofuna kuti nthawi yofufuza izikula molingana ndi kutalika kwa mzere.

Yachitatu ndi kusiya rejekisi n'kuwerenga:

```python
def zikugwirizana(s):
    n = 0
    for c in s:
        if c == "(": n += 1
        elif c == ")": n -= 1
        if n < 0: return False
    return n == 0
```

Nambala `n` ndi chikumbukiro chimene makina aja analibe, chifukwa ingakule mmene ikufunira. Chilembo chilichonse chimawerengedwa kamodzi, palibe kubwerera m'mbuyo, ndipo kachidutswa aka mungakalembe m'chilankhulo chilichonse cha pulogalamu. Osachotsa `if n < 0`: popanda iyo, `)(` adzavomerezedwa chifukwa kuwerengako kumathera pa 0.

Malire ake alipo. Mabulaketi akakhala amitundu iwiri, kuwerenga mtundu uliwonse paokha kumavomera `([)]`, yemwe ndi wolakwika. Apo pamafunika mulu, ngati wa mbale: wotsegula aliyense mumamuika pamwamba, wotseka akabwera mumachotsa wapamwambayo n'kuona ngati ali amtundu umodzi. Mu Python ndi `append` ndi `pop` basi. Bulaketi lokhala m'kati mwa mawu ogwidwa, monga `")"`, limasokoneza njira zitatu zonsezi mofanana, ndipo muyenera kulilambalala musanawerenge.

Tsono PCRE ndingaigwiritse ntchito pofufuza kamodzi pa `grep -P` m'mafayilo amene ndikuwadziwa. Rejekisi wamba ndingamusiyire ntchito yodula mzere kukhala manambala ndi zizindikiro, imene amaichita bwino kwambiri. Koma pa pulogalamu yolandira zolemba za anthu ena, pamene simudziwa kuti adzalowetsa mabulaketi angati, lembani kowerenga kaja kapena mulu.