Nandolo wopita ku India: timulembere FOB ya masiku 30 kapena CFR ya masiku 7?

Wogula wa ku Mumbai akalemba kuti akufuna makontena awiri a nandolo ndipo mum'tumizire mtengo, ambiri a ife timathamangira pa nambala ya madola. Komatu nambala ija payokha sinena kanthu. Madola 720 pa tani ndi phindu ngati udindo wanu ukuthera pa doko la Beira, koma ndi chitayiko ngati mwalonjeza kukafikitsa katundu ku Nhava Sheva, doko la pafupi ndi Mumbai. Kotesheni yabwino imanena malo amene katundu akuchokera m'manja mwanu, tsiku limene mtengo ukutha mphamvu, ndi nthawi imene ndalama zilowe. Zitatuzi n'zomangana, ndiye ndiyika makalata awiri pambali ndi pambali kuti tione pamene iliyonse imaluma.

Titenge chitsanzo, ndipo mitengoyi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke. Kontena ya mafiti 20 imanyamula pafupifupi matani 24, kutanthauza matumba 480 a makilogalamu 50. Makontena awiri ndi matani 48. Nandolo wopepetedwa, wothiridwa mankhwala ophera anankafumbwe, ali m'matumba mu nyumba yosungira katundu ku Limbe, tinene kuti ndi madola 600 pa tani, phindu lanu la madola 40 lili momwemo. Thiraki yodzera pa Mwanza kukafika ku Beira pamodzi ndi zolipira za padoko, tiwonjezere madola 120. Sitima yopita ku Nhava Sheva, madola 1,440 pa kontena, omwe ndi madola 60 pa tani.

Kalata yoyamba ikuti FOB Beira, kutanthauza kuti inu mulipira mpaka katundu atakwera m'sitima ku Beira, madola 720 pa tani, onse pamodzi 34,560, mtengo ukhala masiku 30, malipiro akaona mapepala. Yachiwiri ikuti CFR Nhava Sheva, kutanthauza kuti mulipiranso sitima mpaka kumeneko, madola 780 pa tani, onse pamodzi 37,440, mtengo ukhala masiku 7, dipoziti ya 30 peresenti ndipo zotsalazo akaona kope ya chikalata cha sitima.

Poiona koyamba, kalata ya FOB imaoneka yopepuka, chifukwa za sitima ndi za wogula. Iye ndiye amasankha kampani ya sitima n'kulipira. Koma pa malamulo a Incoterms 2020, amene amamasulira mawu ngati FOB ndi CFR ndipo amalembedwa ndi ICC, bungwe la amalonda a m'mayiko osiyanasiyana, wogulitsa pa FOB amamasuka pokhapokha katundu akakwera m'sitima. Kontena siyenda choncho. Mumaipereka pageti la doko, imakhala pamenepo masiku angapo kudikira sitima, m'manja mwa anthu amene simunawalembe ntchito, koma ikanyowa kapena kugwa pa nthawiyo ngozi ndi yanu. N'chifukwa chake a ICC eni ake amalangiza kuti katundu wa m'makontena azilembedwa FCA, CPT kapena CIP, pamene ngozi imachoka kwa wogulitsa akangopereka katundu kwa wonyamula, ngakhale ogula nandolo ambiri amakondabe FOB ndi CFR zimene anazolowera. Vuto lina la FOB n'lakuti wogula akachedwa kutchula sitima, mwina poona kuti mitengo kwawo ikutsika, makontena anu amangokhala ku Beira, ndipo kukangana kuti ndani alipire malo osungira kumachitika inu muli ku Blantyre.

Pa CFR ngozi imachoka kwa inu pamalo omwewo, katundu akakwera m'sitima ku Beira. Ambiri amasokonezeka apa, amaganiza kuti popeza alipira sitima mpaka ku India ndiye kuti nandolo akawonongeka panyanja ndi mlandu wawo. Ayi. Mwalipira ulendo, koma ngozi ya panyanja ndi ya wogula, ndipo inshuwalansi agule yekha. Akafuna kuti mugule ndinu, imeneyo ndi CIF, ndipo mumam'gulira yokwana 110 peresenti ya mtengo wa katundu. Chimene CFR imakupatsani kwenikweni ndi chingwe. Amene wachita pangano ndi kampani ya sitima ndinu, choncho chikalata cha sitima, chija pa mapepala amalemba B/L, chimaperekedwa kwa inu. Popanda chikalata chenichenicho wogula sangatulutse kontena ku Nhava Sheva. Pa FOB chikalatacho chimatuluka kwa wonyamula amene anasankhidwa ndi wogula, ndipo ngati wadzera mwa ejenti wake, simudziwa bwino kuti ejentiyo amvera ndani zinthu zikavuta.

EXW Limbe, yoti wogula adzadzitengere katundu pa nyumba yanu yosungira, siyofunika kuitaira nthawi. Imati wogula achite yekha za kasitomu zotulutsira katundu, pamene fomu ya CD1 ya kubanki, chiphaso cha za umoyo wa mbewu ndi mapepala a MRA zimafuna munthu wa konkuno. Mudzazichitabe ndinu. Ngati simukufuna kudutsa malire, lembani FCA Limbe, madola 600, udindo wanu uthere pokweza kontena pa thiraki ya wogula, mapepala otulutsira mutakonza.

Tsono masiku. Masiku 30 amaoneka aulemu, ngati kum'patsa mlendo mpando kuti aganize bwino. Koma taonani chimene mwam'patsa: mwayi wodikira mwezi wonse, n'kuvomera pokhapokha msika ukam'komera iye. Mitengo ikakwera ku India avomera pa tsiku la 29 ndipo inu mukagula nandolo wodula kwa mavenda ku Zomba ndi ku Mulanje. Ikatsika angokhala chete. Amene analipo mu 2017 akukumbukira momwe mtengo wa nandolo unagwera dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa kumeneko, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Za kwacha nazonso, mu Novembala 2023 inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ngakhale wolandira madola amaoneka wopindula, eni mathiraki ndi mavenda sachedwa kusintha mitengo yawo.

Pa CFR masiku ayenera kufupika kwambiri, chifukwa mwasenzanso mtengo wa sitima umene suli m'manja mwanu. Ejenti akakupatsani madola 1,440 amanenanso tsiku limene mtengowo ukutha. Ngati iye wati mpaka pa 15, inu musalonjeze mpaka pa 30. Tinene kuti sitima yakwera ndi madola 480 pa kontena: ndi madola 20 pa tani, theka la phindu lanu lapita musanakweze thumba n'limodzi lomwe. Choncho kalata yoyamba ili ndi chifukwa chokhalira yaitali pang'ono kuposa yachiwiri, koma osati mwezi wathunthu, pokhapokha nandolo yense ali kale m'nyumba yanu ndipo munam'lipira. Ngati mukagula mukalandira oda, masiku 7 ndi okwanira pa iliyonse.

Ndipo musalembe "masiku 7" chabe, chifukwa mudzakangana kuti kuwerenga kunayamba tsiku lolemba kapena lowerenga. Lembani deti ndi ola, ndi nthawi ya kuti. Ku India wotchi ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye 5 koloko madzulo ya ku Blantyre kwawo ndi hafu 8 usiku.

Pa malipiro ndi pamene makalata awiriwa amasiyana kutali. Kalata yoyamba, yolipira akaona mapepala, imatanthauza kuti banki yanu imatumiza mapepala ku banki ya wogula, iye alipire kenako awatenge. Ndi njira yotchipa, koma banki silonjeza kanthu. Wogula akakana kuwatenga, makontena ali ku India, ndalama zochedwetsera kontena zikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo posakhalitsa mulandira uthenga woti atha kukuthandizani ngati mutatsitsa madola 80 pa tani. Simungabweze nandolo ku Limbe, ndipo iye akudziwa.

Kalata yachiwiri imadula mwayi umenewu. Pa 37,440, dipoziti ya 30 peresenti ndi madola 11,232, zotsala ndi 26,208. Munthu amene waika 11,232 sathawa chifukwa choti msika watsika ndi madola 50 pa tani, poti pa matani 48 amenewo ndi 2,400 okha. Katundu akakwera, mumam'tumizira kope ya B/L, iye alipire zotsalazo pasanathe masiku 5, kenako mum'tumizire mapepala enieni. Apa ndi pamene chingwe cha CFR chimagwira ntchito. Dongosolo lomweli pa FOB limadalira kuti wonyamula wa wogula akupatseni inuyo mapepala enieni onse, ndipo zimenezo muzilembe poyera.

Wogula wamkulu angakane dipoziti, n'kunena kuti naye sakukudziwani, ndipo sakulakwa. Pamenepo pali LC, kalata imene banki yake imalonjeza kulipira mapepala akakhala olondola. Ndi yolimba, makamaka ikatsimikizidwanso ndi banki ina, koma banki imayang'ana mapepala, osati nandolo. Dzina la doko likasiyana pakati pa invoisi ndi B/L, kapena sitima ikanyamuka tsiku limodzi deti la LC litadutsa, lonjezo limagwa n'kudikira chifundo cha wogula. Malamulo a UCP 600, amene mabanki amatsata pa LC, amapereka masiku 21 operekera mapepala katundu atakwera, ngati LC sinanene zina, ndipo kwa ife amene B/L imachokera ku Beira n'kukasainitsa zina ku Blantyre, masikuwo sachedwa kutha. LC sikupatsaninso ndalama zogulira nandolo. Pa makontena awiri ine ndimasankha dipoziti, LC ndimaisiyira oda ya makontena khumi kapena kuposa.

Kalatayo ipita m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale izi, ndipo ulemu wake ukhale pa kumveka bwino, osati pa kugonja:

"Okondedwa bambo, tathokoza chifukwa cha kalata yanu ya pa 8 Seputembala. Tili okondwa kukupatsani mtengo wa nandolo wa ku Malawi wa chaka chino, matani 48 m'matumba a makilogalamu 50, makontena awiri a mafiti 20. Mtengo ndi madola a ku Amerika 780 pa tani, CFR Nhava Sheva, Incoterms 2020, kukwezera ku Beira. Mtengowu ukhala mpaka pa 15 Seputembala, 5 koloko madzulo nthawi ya ku Malawi, ndipo ikadutsa nthawiyi tidzakondwa kukupatsani wina. Malipiro ndi 30 peresenti pangano likasainidwa, ndi 70 peresenti pasanathe masiku 5 mutalandira kope ya B/L. Katundu akwera m'sitima pasanathe masiku 30 dipoziti italowa mu akaunti yathu. Zolipira za mabanki a kunja kwa Malawi ndi zanu. Ngati mungakonde FOB Beira, tiuzeni tikutumizireni mtengo wake."

Chiganizo cha masiku 30 okwezera katundu aja chiwerengedwe mosamala: kuwerenga kukuyamba ndalama zikalowa, osati pangano likasainidwa, komanso osati wogula akatumiza chithunzi cha pepala la SWIFT, losonyeza kuti watumiza ndalama, pa foni. Pepala lotero munthu atha kulikonza pa kompyuta. Funsani banki yanu ngati madola afika, ndipo pokhapo itanani thiraki. Chinyezi cha nandolo, zinyalala zololedwa ndi mtundu wa mankhwala othira muzilembenso m'kalata yomweyi, chifukwa wogula amene akufuna kutsitsa mtengo katundu atafika amayambira pa zimene simunalembe.