Mbusa ndi madzi odikha: njira zinayi zopezera vesi lomwe mwagwira theka

Mawu ena amatsalira m'mutu opanda adiresi. Mumawamva pa maliro kapena pa mapemphero a m'mawa, kenako tsiku lina mukufuna kuwalemba pa khadi lachipepeso, zonse zomwe mukukumbukira n'zakuti muli mbusa, muli madzi, ndipo madziwo sakuthamanga. Tisakuchedwetseni: ndi Salimo 23, vesi 1 ndi 2. Mu Buku Lopatulika akuti, "Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa. Andigonetsa ku busa lamsipu. Anditsogolera ku madzi odikha." Mbusayo ali pa vesi 1, madziwo ali pa vesi 2. Tigwiritsa ntchito vesi lomweli poyerekeza njira zinayi zomwe anthu amafufuzira, chifukwa ngakhale ndi lotchuka chonchi, limapunthwitsa njira iliyonse pa malo ake.

Choyamba kudziwa n'chakuti mutu wanu unasunga mawu a Baibulo limodzi, pamene chida chomwe mukufufuzira chingakhale ndi Baibulo lina. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, limati Yehova. Buku Loyera la mu 1998 limati Chauta. Amene anakulira Buku Loyera akalemba "Chauta ndiye mbusa" m'foni momwe mwatsegulidwa Buku Lopatulika, foniyo ikhoza kumuuza kuti palibe zotere, pamene vesilo lili momwemo. Kusapezeka kwa mavesi kwambiri kumachokera apa.

Tiyambe ndi pulogalamu ya Baibulo ya pafoni, monga YouVersion, poti ndi yomwe ambiri amathamangirako. Ubwino wake ndi wakuti ikapeza, yapezadi: imakupatsani buku, mutu ndi vesi, ndipo mumawerenga pompo mavesi oyandikana nawo. Koma pa Chichewa, mapulogalamu ambiri amangofananiza zilembo zomwe mwalemba ndi zomwe zili m'Baibulomo, ndipo chinenero chathu chimawasokoneza. Mneni wathu amanyamula katundu yense kutsogolo: "anditsogolera", "amanditsogolera" ndi "adzawatsogolera" kwa ife ndi mawu amodzi, koma kwa makina ndi mawu atatu osadziwana. Buku Lopatulika limakonda "andi-", pamene mabaibulo a Chichewa cha masiku ano amakonda "amandi-". Choncho mneni ndiye mawu oipitsitsa kufufuzira. Dzina nalonso lili ndi msampha wake. Ena amalemba "mbusa", ena "m'busa". Ena amalekanitsa "ku madzi", ena amalumikiza "kumadzi". Buku Loyera limalemba ŵ wa kachisoti, moti "sindidzasowa" yomwe mwalemba ndi w wamba ikhoza kudumphidwa. Ngakhale dzina la bukulo, m'makope akale a Buku Lopatulika ndi Masalmo, kwina ndi Masalimo.

Njira yomwe imagwira ndi iyi. Sankhani kaye Baibulo lomwe mumalimva ku tchalitchi komwe munamva mawuwo. Kenako musalembe chiganizo chonse, lembani liwu limodzi losowa. "Madzi" lokha likubweretserani mavesi mazanamazana, kuyambira Genesis 1 mpaka Chivumbulutso 22, ndipo chala chitopa musanafike ku Masalimo. "Mbusa" ndi laling'onoko, koma mudutsabe kwa abusa ambiri. Liwu losowa pano ndi ili:

```
odikha
```

Anthu satchula madzi odikha pa mjigo kapena pa msika. Ndi Chinyanja cha m'buku, ndipo n'chifukwa chake limasefa bwino. Likakana, musalimbane nalo. Kukanako kukutanthauza kuti Baibulo lomwe mwatsegula linamasulira mwina, ndiye sinthani Baibulo, kapena bwererani ku "mbusa" ndi "m'busa", muyese onse awiri, n'kumangoyang'ana zomwe zatuluka m'Masalimo. Chenjezo lina laling'ono: kutsitsa Baibulo m'foni sikutanthauza kuti kufufuza kudzagwira popanda netiweki. Mapulogalamu ena amalola kuwerenga kokha. Zimitsani data tsiku lina muyese, musadzadziwire pa maliro a kumudzi.

Google imachita zosiyana ndi zimenezi. Imakhululuka kalembedwe, ndipo simafunika kuti mudziwe Baibulo lomwe mawuwo achokera. Mukalemba "Yehova mbusa madzi odikha vesi", pa vesi lotchuka ngati ili imakufikitsani. Mukafuna kuti isaphwanye mawu anu, atsekereni chonchi:

```
"madzi odikha"
"madzi odikha" site:bible.com
```

Mzere wachiwiriwo umaiuza kuti iyang'ane pa tsamba la Baibulo lokha, osati m'maulaliki ndi m'mauthenga a anthu. Koma zizindikiro zotsekerazo ndi mpeni wansengwa. Ngati mwakumbukira molakwika chilembo chimodzi, mwalemba "madzi odekha" m'malo mwa "odikha", zomwe ambiri amachita chifukwa "kudekha" ndiye liwu la tsiku ndi tsiku, mwadzitsekera nokha panja. Yambani popanda zizindikiro, muzitsekera pokhapokha zotuluka zikachuluka.

Amene anamva vesili m'Chingerezi nayenso ali ndi vuto lomwelo. Baibulo la King James lili ndi `still waters`, pamene la NIV lili ndi `quiet waters`. Pa Google onse awiri amakufikitsa, koma m'pulogalamu yomwe yatsegula King James, `quiet waters` ikhoza kusakupatsani Salimo 23. Kumbali ya kuipa kwake, Google imakupatsani zomwe anthu analemba za vesi, osati vesilo. Zithunzi zokongola za nkhosa ndi mtsinje nthawi zina zimasakaniza mawu a mabaibulo awiri, kapena kulemba "Salimo 23:1" pansi pa mawu a vesi 2. Ife timaitenga Google ngati mnyamata wolozera njira: ikakupatsani nambala, katseguleni Baibulo lenileni mutsimikize.

Ndiye pali konkodansi, buku landandanda wa mawu a m'Baibulo, lomwe mumalipeza m'mashelefu a abusa ndi m'masukulu a zaubusa. Yodziwika kwambiri ndi ya James Strong ya mu 1890, ndipo inamangidwa pa King James. Ndiye kuti muyenera kuyamba mwatembenuza zomwe mukukumbukira kukhala Chingerezi cha King James, apo ayi musochera. Mukatsegula pa `quiet`, vesi lathu mulibe. Mukatsegula pa `waters`, lilimo, koma m'mizere yambirimbiri ya zilembo zing'onozing'ono. Njira yachidule ndi `shepherd`: mavesi anandandalikidwa motsatira mabuku, ndiye mumangotsetsereka mpaka pa `Ps`, chidule cha Masalimo, pomwe woyamba ndi 23:1 ndipo wotsatira ndi 80:1. Mwapeza mbusa, ndipo mukawerenga vesi lotsatira mwapeza madzi.

Pa kungopeza nambala yokha, konkodansi ndi yochedwa kuposa zonse, komanso kwa munthu amene amadziwa vesi m'Chichewa chokha ndi khomo lotseka. Komabe ili ndi chinthu chomwe njira zinazi zilibe. Kumapeto kwa mzere uliwonse kuli nambala yolozera ku liwu la Chihebri kapena la Chigiriki kumbuyo kwa bukulo. Liwu lomwe King James inamasulira kuti `still` lili pa 4496, menuka, kutanthauza mpumulo kapena malo opumulirako. Chihebri chikunena za madzi a mpumulo. Apa m'pamene mumamvetsa chifukwa chake omasulira sagwirizana: wina anaona madzi osagavira, wina anaona malo omwe nkhosa zimamwa n'kugona pambali. Mukadziwa izi simudabwanso kuti "odikha" akusowa m'Baibulo lina.

Njira yachinayi ndi kufunsa munthu, ndipo pa vesi ili imapambana zonse. Mkulu wa mpingo, katekisiti, mayi wa chigwirizano kapena wa mvano, mukangoti, "Amayi, paja mawu aja akuti mbusa anditsogolera ku madzi ali pati?", akuyankhani musanamalize, mwina n'kulakatula mavesi onse asanu ndi limodzi. Munthu yekha ndi amene amamva ngakhale mwasokoneza mawu onse, mwati "mtsinje wozizira" kapena "dziwe labata". Kufooka kwake kuli pa manambala. Ambiri amadziwa kuti ndi Salimo 23 koma vesi amaponya mwala, ndipo ena amakumbukira mawu a nyimbo yochokera ku salimolo, omwe anasinthidwa kuti agwirizane ndi maimbidwe. Mawu a nyimbo mukawalemba m'foni, sapezeka m'Baibulo lililonse.

Pali chinthu china chomwe chimakanganitsa anthu popanda wolakwa. Wina akakuuzani kuti ndi Salimo 22, musafulumire kumutsutsa. Baibulo lakale la Chigiriki ndi la Chilatini linaphatikiza Salimo 9 ndi 10 kukhala limodzi, choncho kuchokera pamenepo manambala amatsalira ndi imodzi mpaka chakumapeto kwa buku. Mabuku ena a mapemphero a Chikatolika amatsatira kawerengedwe kameneko, kapena amalemba manambala onse awiri, 22 ndi 23, moyandikana. Mudziwa ndi mawu oyamba: mukatsegula 22 n'kupeza kulira kwakuti Mulungu wandisiyiranji, Baibulo lanu likutsata manambala a Chihebri, pitani kutsogolo salimo limodzi.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, mufunika kusiyanitsa vesi lanu ndi abale ake, chifukwa mbusa ndi madzi amakumananso kwina. Chivumbulutso 7:17 chimawerengedwanso kwambiri pa maliro, ndipo ndi chomwe chimasokoneza koposa: kumeneko woweta ndi Mwanawankhosa, madzi ndi akasupe a madzi a moyo, ndipo vesi limathera pa kupukuta misozi. Ngati m'mutu mwanu muli misozi, pitani kumeneko. Yesaya 49:10 alinso ndi akasupe, pamodzi ndi njala, ludzu ndi dzuwa. Ezekieli 34 ali ndi abusa oipa, msipu wabwino pa vesi 14, ndi madzi ovundulidwa ndi mapazi pa vesi 18 ndi 19. Yohane 10:11 ali ndi mbusa wabwino wotaya moyo wake, koma madzi mulibe. Chosiyanitsa chosavuta ndi kaphatikizo kamodzi ka m'kati mwa mneni. M'mavesi enawo owetedwa ndi "iwo": adzawaweta, adzawatsogolera. Salimo 23 limati "ine": mbusa wanga, andigonetsa, anditsogolera. Ngati mawu omwe akukuzungulirani m'mutu ali ndi "-ndi-" ndi "wanga", ndi Salimo.

Nanga tisankhe iti? Ngati pali wokhulupirira wachikulire pafupi, funsani iyeyo, kenako tsegulani Baibulo muwerenge nambala ya vesi ndi maso anu. Masalimo sachedwa kupezeka: Baibulo la mabuku 66 mukalitsegula pakati limagwera m'Masalimo kapena chapafupi, ndipo 23 ali chakumayambiriro. Ngati muli nokha ndi foni ndipo mukudziwa Baibulo lomwe munamva, pulogalamu ndi liwu limodzi losowa zimatha nkhani. Ngati simukudziwa Baibulo lake, Google kaye, pulogalamu pambuyo. Konkodansi isungireni tsiku lomwe mukukonza ulaliki. Ndipo polemba pa khadi kapena pa pulogalamu ya mwambo wa maliro, ngati mukufuna mbusa ndi madzi omwe, lembani Salimo 23:1-2, chifukwa 23:2 yokha ilibe liwu lakuti mbusa.