Miyezi khumi ndi maphunziro olembera sikiripiti ya vidiyo yokhalitsa

"Achimwene, maphunziro aja munagula chaka chatha, olembera mawu a vidiyo yoti izionedwabe ngakhale patapita miyezi, anakupindulirani? Mwini wake wandiuza mtengo, ndiye ndisanatumize ndalama ndati ndimve kwa inu kaye."

Mlamu, ndayankha mochedwa chifukwa sindinafune kukuuzani za pamtima pokha. Ndinayamba ndatsegula YouTube Studio, kumene mwini mavidiyo amaona ziwerengero zake, kuti ndione bwinobwino mmene mavidiyo anga ayendera kuchokera mu Ogasiti 2023 pomwe ndinagula maphunzirowo, kufika mu Juni uno. Mukudziwa kuti ine ndine mlimi wa nkhuku. Mavidiyo ndimapanga kuti anthu andidziwe, adzagule anapiye ndi nkhuku kwa ine. Ndalama imene ndinalipira nthawi ija inali yokwanira matumba awiri a chakudya cha nkhuku, ndipo ndinalandira mavidiyo ophunzitsa, chikombole cholemberamo sikiripiti, ndi lonjezo loti mwini wake adzandionera masikiripiti atatu.

Zina mwa zomwe anaphunzitsa zagwira ntchito ndipo sindikuzidandaula. Vidiyo imodzi iziyankha funso limodzi basi. Yankho lizibwera m'masekondi 30 oyamba, moni wautali ndi mbiri ya khola langa zizidikira. M'mawu olankhula musamapezeke "sabata yatha", "chaka chino" kapena "monga mwamva pa wailesi", chifukwa woonera wa mwezi wachisanu ndi chimodzi sadziwa sabata imene mukunena. Anatiphunzitsanso kugawa vidiyo m'magawo polemba nthawi mu Description, kuyambira pa 00:00, magawo osachepera atatu, lililonse lotalika masekondi 10 kapena kuposa. Yanga ya kalereredwe ka anapiye ndinaigawa chonchi:

```
00:00 Kutentha koyenera sabata yoyamba
01:10 Kuona anapiye ngati akumva kuzizira
03:05 Mbaula ndi mpweya
05:20 Madzi ndi chakudya
```

Magawowa ndimayamba ndawalemba sikiripiti isanayambe, ndipo ndi amene amandiletsa kusochera.

Kale ndinkathamangira nkhani zotentha. Mazira akakwera mtengo, tsiku lomwelo ndajambula. Anthu ankaonera masiku atatu kapena anayi, kenako zii. Vidiyo ya anapiye ija inayamba mozizira kwambiri moti sabata ziwiri zoyamba ndinkaona ngati ndataya ndalama. Koma sinafe. Tsiku lililonse pamabwera anthu ochepa, ndipo ndikayang'ana pa Reach, pamene pamaonetsa kumene oonera achokera, ambiri mwa iwo amachokera ku YouTube search, kutanthauza kuti munthu ali ndi vuto m'khola ndipo walemba yekha zomwe akufuna. Kuyambira mu Meyi, kuzizira kutayamba, chiwerengero chakwera popanda ine kuchitapo kanthu, chifukwa ndi nyengo imene anapiye amafa kwambiri usiku. Pamenepa mphunzitsi uja ananena zoona.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandisowetsa mtendere miyezi yonseyi. Chikombole chija chili ndi mzere wolamula kuti pachiyambi penipeni mutchule nambala ya ndalama, ati chifukwa nambala imagwira munthu kuti asachoke. Ine ndinamvera. Ndinayamba ndi kunena kuti ndi ndalama zakutizakuti mungalere anapiye 100 mpaka kugulitsa, ndipo m'kati monse ndinkatchula mtengo wa mwanapiye mmodzi, wa thumba la chakudya, wa makala, wa katemera wa chitopa. Nditawerenga pambuyo pake ndinapeza kuti ndinatchula ndalama malo asanu ndi limodzi m'vidiyo ya mphindi zisanu ndi zitatu.

Vidiyoyo inatuluka mu Seputembala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo yonse imene ndinatchula inasanduka bodza. Ndemanga zinasintha nthawi yomweyo. M'malo mofunsa za kutentha kwa khola, anthu anayamba kulemba kuti chakudya cha mtengo umenewo chikupezeka kuti. Mayi wina anandiimbira ali kale pa depoti, atatenga ndalama ndendende imene anamva m'vidiyo, akufuna anapiye 50. Nditamuuza mtengo watsopano anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bambo, ndiye bwanji mukunena zina pa foni, zina pa vidiyo?" Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa mayiyo sanalakwe.

Ndinaganiza zoti ndingojambula ina ndiike m'malo mwake. Apa m'pamene ndinadziwa chinthu chimene maphunzirowo sanatchule n'komwe. Pa YouTube mungasinthe mutu, Description ndi chithunzi cha pamwamba nthawi iliyonse, koma simungachotse vidiyo yeniyeniyo n'kuikapo ina pa adiresi yomweyo. Yatsopano imayambira pansi, yopanda oonera, yopanda ndemanga, yopanda malo amene yakale inapeza kale anthu akamafufuza. Chimene chilipo ndi Editor ya mu YouTube Studio, imene imalola kudula kachigawo n'kusiya zina zonse. Ndinakhala usiku wathunthu ndikuyesa. Malo awiri anaduka bwino. Ena anayi anakanika, chifukwa ndinalukana mtengo ndi phunziro m'chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo, ndinanena mtengo wa thumba la makala pa mpweya womwewo umene ndinkafotokoza kuti mbaula iyatsidwire panja mpaka utsi uthe musanailowetse kwa anapiye. Kudula mtengo kukanachotsanso chenjezo limene lingapulumutse anapiye a munthu. Ndinazisiya, ndinalemba ndemanga yonena kuti mitengo ya m'vidiyoyi ndi ya chaka cha 2023, n'kuikhomera pamwamba ndi Pin. Zathandiza pang'ono, koma ambiri oonera pa foni safika pa ndemanga, ndipo pa Audience retention, pamene pamaonetsa pomwe oonera akusiyira vidiyo, mzere umatsika moonekeratu pamasekondi oyamba aja pomwe ndikutchula ndalama yakale.

Kuchokera pamenepo ndimalemba mosiyana ndi chikombole. Ndisanajambule ndimatenga sikiripiti ndi cholembera chofiira, chiganizo chilichonse ndimachifunsa ngati chidzakhalabe choona chaka chamawa mwezi ngati uno. Kuti anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo mumatsitsa ndi madigiri pafupifupi atatu sabata iliyonse, chimenecho sichidzasintha. Kuti akaunjikana pansi pa moto akumva kuzizira, akathawira m'mbali atayasamula akumva kutentha, akamwazikana bwino ndiye kuti zili bwino, chimenechonso n'chokhalitsa. Zimenezi zimalowa m'mawu olankhula. Mtengo, dzina la shopu, nambala yanga ya foni ndi tsiku limene anapiye afike, zonsezi zimapita mu Description, kumene ndimazikonza mwezi ndi mwezi pa foni pomwepo.

Nkhani ya ndalama sindinaitaye, chifukwa mlimi amafunadi kudziwa zimene awononge. Ndinangosintha muyezo. M'vidiyo yachiwiri ndinanena kuti kwa ine nkhuku za nyama 100 zimadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi asanu ndi atatu m'sabata zisanu ndi imodzi, ndipo woonera afunse mtengo wa thumba lero kwawoko achulukitse yekha. Chiganizo chimenecho chikugwira ntchito ku Mchinji, ku Chipata ngakhale ku Tete, kumene ndalama zake n'zosiyana. Ngati pali chinthu chosakhalitsa chimene sindingachitire mwina koma kuchitchula, ndimachiika pamalo amodzi, ndimapuma pang'ono ndisanachinene ndiponso ndikachimaliza, kuti tsiku lina ndidzachidule osakhudza zoyandikana nazo.

Chinanso chimene ndinachipeza ndekha ndi mawu a mutu. Mphunzitsi anatipatsa mndandanda wa mawu ofufuzira, onse a Chingerezi. Koma pa YouTube search pomwe paja, YouTube Studio imaonetsa mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni, ndipo anga ambiri anali onga "anapiye akufa" ndi "anapiye kuunjikana", ena osakaniza Chichewa ndi Chingerezi. Munthu salemba dzina la phunziro, amalemba vuto limene laima pamaso pake m'mawa umenewo. Ndinasintha mutu kuchoka pa "Kalereredwe ka anapiye" kukhala "Anapiye akufa sabata yoyamba: kutentha koyenera m'khola", ndipo masikiripiti atsopano ndimawayamba ndi mawu omwewo m'chiganizo choyamba, kuti wofufuza amve msanga kuti wafika pamalo pake.

Za mwini maphunziro, mtima wanga uli pawiri. Sikiripiti yoyamba anaionadi, ndipo ndi iyeyo amene anayamikira mzere wa ndalama uja. Zitavuta mu Disembala ndinamulembera mwaulemu, ndinamutumizira ndi zithunzi za ndemanga za anthu, kupempha kuti akonze chikombolecho kuti ena asagwe m'dzenje lomwelo. Anayankha patapita sabata zitatu kuti zimenezo zili m'gawo lachiwiri la maphunzirowo, lolipira padera. Masikiripiti awiri otsala aja ndinatumiza mu Januwale ndipo mpaka lero sanawaone. Gulu la pa WhatsApp limene ankati tizifunsiramo mafunso, tsopano mumangobwera uthenga woitanira ophunzira atsopano.

Masiku amene foni yalira, munthu n'kunena kuti wandipeza pa vidiyo ya anapiye ndipo akufuna 100, ndimaona kuti matumba awiri aja anabwerera kalekale, ndipo n'zoona anabwerera. Masiku amene wina wandinena kuti ndine wabodza chifukwa cha mtengo wa chaka chatha, ndimakumbukira kuti ndinalipira munthu kuti andiphunzitse vidiyo yokhalitsa, iye n'kundipatsa mzere umene unaikalambitsa m'miyezi iwiri.

Ndiye mlamu, ngati mtengo wakuuzaniwo ukuposa matumba awiri a chakudya pa mtengo wa lero, musatumize. Ngati uli pansi pake ndipo mukufunabe, mufunseni kaye akutumizireni tsamba loyamba la chikombole muone ngati mzere wa ndalama uja ulipobe, ndipo mugwirizane kuti theka mulipira akamaliza kuona masikiripiti anu onse atatu. Akakana zimenezo, bwerani Loweruka ndi foni yanu, ndikuonetsani sikiripiti yanga ya katemera wa chitopa ndi zofiira zake zonse, tilembere limodzi yanu yoyamba. Gawo lachiwiri lija ine sindigula mpaka masikiripiti awiri anga aja atawaona.