Themometa yolozera patali: inandiwotchetsa dzanja, koma sindinaibweze

Ndinagula themometa ija yooneka ngati kamfuti, yolembedwa D:S 12:1 m'mbali mwake, kuti ndiziyezera mafuta a mandasi ndi tchipisi. Mtengo wake mukuudziwa, si ndalama yoseweretsa masiku ano. Pa mafuta yandithandiza kuyambira tsiku loyamba: ndimatakasa kaye, n'kuloza pakati, ikafika madigiri 175 ndimaponya mandasi.

Chimene chandilembetsa ndi poto wanga wa aluminiyamu, amene ndimakwecha mpaka kumadzionerapo nkhope. Ndinawiritsamo madzi, n'kuphula, kenako ndinaloza m'mbali mwake kuti ndione ngati ndingamusunthe wopanda nsalu. Inaonetsa 39. Ndinaikhulupirira, ndinagwira ndi manja awiri, ndipo zala zitatu zinatuluka matuza. Sabata yonse mtanda ankandikandira ndi mlamu wanga.

Ndinapita nayo kushopu ndili wolusa. Mnyamata wogulitsayo sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti, "Mayi, katundu akatuluka sabwerera, mwina mwaigwetsa." Nditamufunsa tanthauzo la EMS yomwe imaoneka pasikirini, anati ndi dzina la kampani. Bodza lenileni, ndipo mpaka lero limandiwawa kuposa matuza aja. Munthu ukugulitsa chinthu choti anthu akayezere moto, osadziwa ngakhale batani limodzi?

Amene anandimasula ndi bambo wina wokonza mafiriji pafupi ndi kwathu. Anati, "Chemwali, makinawa alibe vuto, wakunamizani ndi potoyu." Anafotokoza kuti themometayi sigwira chinthu, imangowerenga kutentha komwe chinthucho chikutulutsa. EMS ija ndi emisiviti, nambala yoiuza kuti chinthucho chimatulutsa kwambiri kapena pang'ono. Imabwera itatcheredwa pa 0.95, yomwe imayenera madzi, mafuta, chakudya, thabwa ndi zopakidwa penti. Koma aluminiyamu wonyezimira ali cha m'ma 0.05 mpaka 0.1. Amatulutsa pang'ono zedi, ndipo amakhala ngati kalilole: chimene makinawo amaona kwambiri ndi chithunzi cha khoma ndi mwini wakene waima patsogolopo. Ndiye 39 uja kunali kutentha kwa khitchini yanga, kongowonjezerako pang'ono kwa poto.

Tinayesa limodzi. Anamata tepi yakuda yamagetsi m'mbali mwa poto, timizere titatu togundana, n'kuwiritsa madzi. Ataphula, pa tepi inaonetsa 93, pomwe pambali pake penipeni, ponyezimira, inaonetsa 40. Poto yemweyo, mphindi yomweyo! Ndinadandaula kuti bwanji sinafike 100, iwo anandikumbutsa kuti kuno ku Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amawira cha pa 96 kapena 97, komanso kunja kwa poto kumazizirirapo.

Ndinafuna kudziwa chifukwa chake anamata timizere titatu, ndipo apa m'pamene 12:1 inamveka. Kadontho kofiira kaja sikayeza kanthu, kamangolozera. Makinawo amayeza bwalo lonse lozungulira kadonthoko, ndipo bwalolo limakula ukamatalikira: mtunda wako uugawe ndi 12. Ukaima masentimita 30, bwalo ndi masentimita awiri ndi theka, pomwe tepi imodzi m'lifupi sikwana bwinobwino masentimita awiri. Mzere umodzi ukanasiya chitsulo chonyezimira kulowa m'bwalomo n'kutsitsa nambala. Ukaima masentimita 120, bwalo lafika masentimita 10. Ine ndinkaima patali poopa kuthovokeredwa ndi mafuta, osadziwa kuti ndikusakaniza mafuta, mlomo wa chiwaya ndi makala omwe.

Nditafika kunyumba ndinayesabe kutsitsa EMS kufika pa 0.10 kuti ndisamavutike ndi tepi. Sizinandikomere. Nambala inkangodumphadumpha, ndikasuntha pang'ono kuti mbaula ionekere pa poto inkakwera kwambiri. Ndinabwezera pa 0.95 ndipo sindiigwiranso. Tepi ndimamata pa ziwiya za madzi otentha basi, sindiika pa chiwaya cha mafuta kapena pofika lawi chifukwa imasungunuka. Pamenepo ndimaloza pomwe pada ndi mwaye, pamawerengeka bwino. Nthunzi nayonso imasokoneza, choncho ndimalozera chammbali ikachepa.

Ndiye themometayo ndaisunga, ndipo ndingaigulenso. Batire silinathe chigulireni, imawerenga msanga, mandasi anga sakumwanso mafuta ngati kale. Chondidandaulitsa ndi kapepala ka m'bokosi: zilembo zake n'zazing'ono kwambiri, ndipo za zitsulo zonyezimira anangozitchula kamzere kamodzi kumapeto, pomwe ndi zimene zingamupweteke munthu. Ndikupereka nyenyezi zinayi kwa makinawo. Kushopu kuja sindidzapondako, ngakhale batire ndikagula kwina.