Ndemanga: miyezi isanu ndikulembera pa kanema wa mainchesi 32

Ndikumupatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Kuonera mpira ndi mafilimu ndilibe naye dandaulo, koma ine ndinamugulira ntchito ya zolemba, ndiye ndimuweruza pa zimenezo.

Ndimasunga mabuku a gulu lathu la banki mkhonde komanso ndimatayipira anthu makalata. Sikirini ya laputopu yanga itasweka ndinalowa m'sitolo ina ku Limbe kukafuna monita. Nditaona kuti ndalama ya monita ya mainchesi 24 ikuyandikana ndi ya wailesi ya kanema ya mainchesi 32, ndinati bwanji ndingotenga chachikulucho, masana ndizigwirira ntchito, madzulo ana azionera. Pakatoni panalembedwa 1080p ndi zilembo zikuluzikulu. Wogulitsa anati, "Achimwene, ingolumikizani chingwe cha HDMI basi, zitheka."

Zinathekadi, chithunzi chinabwera. Koma kamzere kapansi ka Windows, kamene kamakhala ndi batani la `Start` ndi wotchi, kanadulidwa kupitirira theka. Ka X kotsekera pulogalamu kankangooneka nsonga yake. Mawusi ndikaikankhira kumanzere inkasowa ngati yalowa kuseri kwa pulasitiki.

Vutoli dzina lake ndi `Overscan`, ndipo si kuwonongeka ayi. Ndi chizolowezi chochokera ku makanema akale a chimsana aja, amene ankakulitsa chithunzi pang'ono kuti zinyalala za m'mphepete mwa siginolo zibisike. Makanema ambiri a masiku ano amachitabe zomwezo akaganiza kuti chimene mwalumikiza ndi dekoda. Wanga ankadya pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, theka mbali iyi theka mbali inayo. Pa chithunzi cha 1080p, chimene chimapangidwa ndi timadontho 1920 x 1080, zimenezo ndi timadontho pafupifupi 48 kumanzere, 48 kumanja, 27 pamwamba ndi 27 pansi. Kamzere ka Windows 10 kaja n'kotalika timadontho 40, ndiye mukachotsapo 27 mwaona nokha chotsala.

Poyamba ndinakonza molakwika. Ndinalowa mu pulogalamu ya chithunzi pa laputopu n'kuchepetsa chithunzicho mpaka m'mphepete monse mwaoneka. Zonse zinakwanira, koma zilembo zinafika poipa kuposa kale, chifukwa laputopu inkachepetsa chithunzi, kanema n'kuchikulitsanso, ndipo pa sitepe iliyonse zilembo zinkapakika. Malo oyenera kukonzera ndi pa limoti. Pa wanga ndinapita ku `Picture`, n'kupeza `Overscan`, n'kuika `Off`, kenako ndinabweza zimene ndinasintha pa laputopu zija. Makampani amatchula chinthu chimenechi mosiyana: LG amati `Just Scan`, Samsung amati `Screen Fit` kapena `Fit to Screen`, Sony amati `Full Pixel`. Mukangopeza `16:9` ndi `Zoom` musafulumire kugonja, yambani mwasintha dzina la khomo la HDMI limenelo kuti likhale `PC`, poti makanema ena amasiya okha kudula akadziwa kuti ndi kompyuta.

M'mphepete mutabwerera, zilembo zinali zikadali ngati zolembedwa ndi inki papepala lonyowa. Mu Excel, 3 ndi 8 ndinkachita kuyandikira kuti ndisiyanitse, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kuwerengera mayi wina ngongole ya 38,000 pamene inali 33,000. Mizere ya tebulo ina inkaoneka yonenepa, ina yoonda, ina kusoweratu. Chizindikiro chimenecho muchisunge: mizere yofanana ikamaoneka yosiyana kunenepa, ndiye kuti timadontho timene kompyuta ikutumiza sitikugwirizana ndi timene galasi lili nato.

Ndinatenga kabuku ka m'katoni kaja, ndipo kutsamba lakumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono, ndinapeza kuti galasi lake ndi la 1366 x 768. Mawu a 1080p aja ankangotanthauza kuti kanemayu amalandira chithunzi choterocho, osati kuti amachionetsa chonse. Laputopu inkatumiza timadontho toposa 2 miliyoni, galasi lili ndi tongopitirira pang'ono 1 miliyoni, ndiye theka linkafinyidwira mu tinzake. Pa nkhope ya wosewera mpira simungazindikire. Koma mwendo wa chilembo ndi wa kadontho kamodzi kapena tiwiri, ukafinyidwa umasanduka utsi. Apa m'pamene ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa nambala yofunikayo anaibisa, yosafunikayo n'kuiika pakatoni.

Pa laputopu ndinalowa mu `Settings > System > Display`, pa `Display resolution` n'kutsika kuchoka pa 1920 x 1080. Pa mndandanda panalibe 1366, panali 1360 x 768, zomwe zimachitika pa makanema ambiri a mtundu umenewu. Ndinasankha imeneyo. Kunatsala kampata kakuda ka timadontho titatu mbali iliyonse, kosaoneka n'komwe, ndipo mizere ya tebulo yonse inafanana nthawi yomweyo. Wina angadabwe kuti nambala yaing'ono ikuoneka bwino kuposa yaikulu, koma ndi mmene zilili: kadontho kamodzi ka kompyuta kagwere pa kadontho kamodzi ka galasi.

Chomaliza chinali `Sharpness` ya pa kanemayo. Anaiika pamwamba kuchokera kufakitale, ndipo chilembo chilichonse chakuda chinali ndi kamzere koyera kokizungulira. Ndinaitsitsa pang'onopang'ono ndikuyang'ana chilembo chimodzi mpaka kamzereko katatha, n'kuzimitsanso `Noise Reduction`. Zilembo zofiira pa buluu zimaonekabe zopakika, chifukwa kanemayu amachepetsa tsatanetsatane wa mitundu monga amachitira ndi mafilimu, choncho m'matebulo anga ndinasiya kulemba ndi zofiira, ndimangodetsa zilembozo.

Pali chinthu chimodzi chimene limoti singakonze. Timadontho 1366 x 768 tikamwazidwa pa mainchesi 32, inchi iliyonse imapeza pafupifupi 49. Monita ya mainchesi 24 ya 1920 x 1080 ija ndinaisiya m'sitolo ili ndi pafupifupi 92. Ndikakhala pafupi ngati mmene munthu amakhalira pa desiki, ndimaona timabokosi m'chilembo chilichonse, ndipo pakatha maola awiri maso amayamba kuwawa. Ndinachita kukankhira kanemayu kukhoma, ine n'kubwerera mpaka mtunda woposa mita imodzi, kiyibodi n'kuika pa kathebulo kena. Pamenepo zimawerengeka bwino. Komabe kukula kwa galasi sikunandipatse malo ochuluka: mizere ya Excel imene ndimaona ndi yomweyo imene ndinkaona pa laputopu yanga ya mainchesi 15, kungoti ndi yaikulu. Ubwino wake umaoneka pa tsiku la msonkhano, pamene amayi khumi ndi awiri amatha kuona masheya awo ali pamkeka popanda kupanikizana.

Amene mukufuna kugula kuti muzilembera, pitani ndi laputopu yanu kusitolo pamodzi ndi chingwe. Pemphani kabuku muone nambala ya galasi lenilenilo, tsegulani tebulo la manambala ang'onoang'ono, muone ngati `Start` ikuoneka yonse. Pa mainchesi 32 musatsike pa 1920 x 1080. Ngati mukufuna wamkulu wa mainchesi 43, akhale wa 3840 x 2160, ndipo mufunse ngati khomo la laputopu yanu ndi HDMI 2.0, chifukwa la 1.4 limangotumiza zithunzi 30 pa sekondi pa kukula kumeneko ndipo mawusi imayenda modukiza. Wangayu ndimusamutsira pabalaza ndikangopeza ya monita.