Galimoto imodzi, mabilu atatu: tigawe potengera mtengo, chiwerengero kapena kulemera?

Tinene kuti shopu ya zomangira pa Mchinji boma yalandira katundu wochokera ku Lusaka kudzera pa chipata cha Mwami. Muli malata 1,000 opangidwa ku Zambia, olemera makilogalamu 9,800, ogulidwa pa K20,000 limodzi. Mulinso makina owotcherera zitsulo 20 a ku China, olemera makilogalamu 200 onse pamodzi, pa K500,000 amodzi. Mwini galimoto walipiritsa K3,000,000, ejenti wokiliyalitsa katundu K600,000, ndipo msonkho wa kasitomu tiuike pa K2,500,000. Msonkhowu wagwera makina okha, poti malata abwera ndi satifiketi ya COMESA yotsimikiza kuti ndi a ku Zambia. Ndalama yoti igawidwe ndi K6,100,000. VAT yolipira pa chipata sitikuiwerengera, chifukwa amene analembetsa VAT ku MRA amaichotsera pa imene akutolera.

Kugawa potengera chiwerengero n'kosavuta kukutaya. Katundu yense ndi 1,020, ndiye lata limodzi lisenza K5,980 chimodzimodzi makina amodzi. Njirayi imayenera pamene galimoto yadzaza katundu wofanana, monga matumba a feteleza okhaokha.

Ambiri amathamangira kugawa potengera mtengo. Malata ndi magawo awiri mwa atatu a ndalama yogulira, choncho lata lifika pa K24,067 pamene makina afika pa K601,667. Pa pepala zikuoneka bwino, koma m'katimo muli zolakwika ziwiri. Malata alipira gawo la msonkho umene suwakhudza, ndipo makina alipira K1,000,000 ya thiransipoti pamene sakukwana n'kona yomwe ya galimoto. Zolakwikazi zimabisana pang'ono, n'chifukwa chake anthu saziona. Mudzazindikira pogulitsa: lata lanu lakwera kuposa la mnzanu wa shopu yoyandikana, makina akuyenda msanga koma ndalama yooderanso ena ikuperewera.

Kugawa zonse potengera kulemera nakonso n'koipa kwambiri kwa makina, chifukwa angosenza K6,100 amodzi, msonkho wawo n'kupita ku malata.

Choyenera n'chakuti bilu iliyonse itsate chimene chinaibweretsa. Thiransipoti igawidwe pa kulemera: K2,940 pa lata, K3,000 pa makina. Msonkho musaugawe n'komwe, tengani zimene zili pa dikilaleshoni ya kasitomu ya mu ASYCUDA mzere ndi mzere, zomwe pano ndi K125,000 pa makina amodzi. Ya ejenti igawidwe pa mtengo, K400 ndi K10,000. Lata lathera pa K23,340, makina pa K638,000. Amene anagawa pa mtengo n'kugulitsa makina pa K630,000 akuganiza kuti wapindula, chonsecho waluza K8,000 pa makina alionse.

Nanga mapulogalamu osungira mabuku a bizinesi akusiyana pati? Mu Odoo, mzere uliwonse wa `Landed Costs` uli ndi `Split Method` yakeyake: `Equal`, `By Quantity`, `By Current Cost`, `By Weight` kapena `By Volume`. Thiransipoti ndi ejenti zimalowa pa chikalata chimodzi popanda vuto, bola gulu la katunduyo liikidwe pa njira yowerengera mtengo wa sitoko ya FIFO kapena AVCO. Msampha uli pa kulemera. Katundu amene simunamulembere `Weight` sapatsidwa kanthu, ndipo ngati yense alibe, pulogalamu imangogawa mofanana mizere osakuchenjezani. Mukadina `Compute`, yang'anani mizere ya `Valuation Adjustments` musanatsimikize. Pa msonkho, landirani makina pa risiti yawoyawo kuti muuike pamenepo pokha.

ERPNext ilibe njira ya kulemera. Pa `Landed Cost Voucher` mumasankha `Qty`, `Amount` kapena `Distribute Manually`, ndipo chisankhocho chimagwira mabilu onse a pa vocha imeneyo. Ndiye pamafunika mavocha angapo pa `Purchase Receipt` imodzi: ya ejenti pa `Amount`, ya thiransipoti ndi ya msonkho, iliyonse payokha, muwerengere pambali n'kulemba pamanja mu `Applicable Charges`. Ndi ntchito yochulukirapo, koma kwa wooda katundu wamisonkho yosiyanasiyana, kulemba pamanjako kumagwirizana bwino ndi dikilaleshoni.

Bilu ya ejenti nthawi zambiri imafika malata ena atapita kale ku Kamwendo ndi ku Mkanda. Apa Odoo imaika gawo la katundu wotsala mu sitoko, la wogulitsidwa kale imalitumiza ku akaunti ya mtengo wa katundu wogulitsidwa. ERPNext imabwerera pa tsiku la risiti n'kuwerengeranso mtengo wa zonse zimene zinatuluka pambuyo pake, kotero phindu la mwezi wathawo limasintha. Ngati mabuku a mwezi umenewo munatseka kale, kambiranani ndi akauntanti musanadine `Submit`.